Kuchoka pa choko kupita ku khodi: zaka zauphunzitsi ndizinene bwanji pa intavyu?

Chisale wa Masamu: Moni nonse pagulu pano. Ndine mphunzitsi wa masamu pa CDSS ina m'boma la Dedza. Dipuloma ndinatengera ku Domasi ndipo ndagwira choko zaka 9. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikudziphunzitsa Python ndi SQL madzulo ndikaweruka. Sabata yatha anandiitana ku intavyu ku Lilongwe, ntchito ya divelopa wongoyamba kumene. Kamayeso ka khodi ndinakhoza, eni akewo anandiuza. Koma titakhala pansi kuti ticheze, mayi wina pa panelo anandifunsa kuti zaka zanga zauphunzitsi ziwathandiza chiyani iwowo. Ndinayankha kuti uphunzitsi wandiphunzitsa kuleza mtima, kulankhula bwino ndi anthu komanso kugwira ntchito mopanikizika. Anangogwedeza mutu, osalemba kanthu papepala lawo. Dzulo uthenga wabwera kuti atenga wina. Inu amene mumalemba anthu ntchito, funso limenelija ndikanayankha bwanji? Kapena zaka 9 zimenezi ndingoziyesa zotayika?

Gift wa ku Joni: Achimwene, pepani kwambiri. Ine ndikuuzani mosabisa. Mawu akuti mphunzitsi achotseni pamwamba pa CV. Anthu a makampaniwa akangoona mawu amenewa amakuikani m'gulu la anthu ofuna kuthawa malipiro a boma, basi. Ngati munkasunga malikisi a ana pa Excel, lembani kuti munali wosanthula deta pasukulupo. Kuno ku Joni aliyense amadzikometsera choncho, ndipo palibe amene amakutsutsa.

Ahedi Opuma: Mwana wanga Chisale, ndasangalala kumva kuti mwaphunzira za makompyuta. Sukulu zambiri zilibe mphunzitsi wa phunziro la kompyuta ngakhale lili pa MSCE. Pitani mukaonane ndi akuluakulu a maphunziro kudera kwanuko ndi mapepala anu, mukawauze kuti mukhoza kuphunzitsa masamu ndi kompyuta pamodzi. Pa intavyu yotero zaka zanuzo n'zimene zidzakukwezeni.

Chisale wa Masamu: Zikomo bambo. Koma sindikufuna kuphunzitsa kompyuta ayi, ndikufuna kusiya kalasi n'kukayamba ntchito yolemba mapulogalamu.

Ahedi Opuma: Ndamva tsopano. Zandikhudza ndithu, chifukwa aphunzitsi a masamu ndi osowa kumidzi kuno. Koma moyo ndi wanu. Ndikhala chete ndimve anzanuwa.

Nambewe: Aphunzitsi, ine ndimatsogolera kagulu ka madivelopa ku Lilongwe konkuno, ndipo ndimakhala nawo pa mapanelo otere. Yankho lanu silinali labodza, koma silinali lanu. Namwino akanatha kunena mawu omwewo, wapolisi chimodzimodzi, wogulitsa m'sitolo chimodzimodzi. Munthu wa pa panelo amalemba akamva chinthu chimene angakufunseninso mozama. Pa kuleza mtima angakufunseni chiyani? Palibe. N'chifukwa chake cholembera chinangokhala.

Musayambe mwakonza yankho lina. Tandiuzani kaye: pasukulu panu, ndi ntchito iti yotopetsa imene inkachitika pamanja inu n'kuisintha? Ngakhale ikhale yaing'ono bwanji.

Chisale wa Masamu: Palibe chachikulu, mayi. Mwina za malipoti basi. Kumapeto kwa teremu mafomu ticha ankawonkhetsa malikisi ndi kalikuleta, ana pafupifupi 180 a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo malipoti ankatuluka sukulu itatsekera kale. Ine ndinapanga fayilo ya Excel yoti mphunzitsi aliyense alowetse malikisi a phunziro lake, iyo n'kutulutsa avereji, giredi ndi nambala ya mwana m'kalasi. Pa mayeso a moko inkawerengeranso mapointi. Chaka chatha ndinailembanso mu Python kuti izisindikiza lipoti la mwana aliyense palokha. Koma zimenezi ndi zakusukulu, sindinaone ngati n'zoyenera kuzitchula pamaso pa akatswiri.

Nambewe: Imeneyo ndiye inali intavyu yanu yonse, ndipo munaisiya ku Dedza. Muli ndi chinthu chimene achinyamata ambiri ochokera ku koleji alibe: pulogalamu imene anthu enieni anaigwiritsa ntchito, anthu amene sanaipange okha ndipo sankaikonda poyamba. Tiyeni tiikumbe. Inalakwitsapo? Ndikutanthauza tsiku limene inatulutsa yankho lolakwika wina n'kudandaula.

Chisale wa Masamu: Inalakwitsapo, teremu yoyamba yomweyo. Mnyamata wina wa Fomu 3 anadwala pakati pa mayeso, analemba maphunziro atatu okha. Fayilo inamuika pa nambala 1. Mtsikana amene nthawi zonse ankatsogola anabwera ku sitafu rumu akulira, ndi pamene tinazindikira. Nditafufuza ndinapeza kuti aphunzitsi ena anasiya kabokosi kopanda kanthu pa mwana amene sanalembe, ena analemba `abs`, ndipo fomyula yanga inali iyi:

```
=AVERAGE(C2:K2)
```

`AVERAGE` imadumpha kabokosi kopanda kanthu ndiponso kamene muli mawu. Ndiye inangotenga maphunziro atatu aja, amene mnyamatayo anakhoza bwino, n'kugawa ndi 3. Koma panalinso mwana wina amene sanalembe phunziro limodzi, mphunzitsi wake n'kumulembera 0. Ziro imawerengedwa, ndiye uyu anatsika kwambiri. Ana awiri, vuto lofanana, wina wakwera wina watsika.

Wezi: Aphunzitsi, ine ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu asanapite kwa anthu, ndipo chimene mwafotokozachi timakumana nacho sabata iliyonse. Kusiyanitsa chinthu chosowa ndi ziro. Mu SQL nazonso `AVG` imadumpha `NULL` koma imawerenga 0, ndiye ndi msampha womwewo. Munakonza bwanji?

Chisale wa Masamu: Ndinayamba ndapita kwa ahedi, chifukwa ndinaona kuti si ine woyenera kugamula. Ndinawafunsa kuti mwana amene sanalembe timutani: timupatse ziro, kapena tisamuike pa mndandanda wa manambala? Tinakambirana pa msonkhano wa aphunzitsi n'kugwirizana kuti amene sanakwanitse maphunziro 6 alandire lipoti lake koma lopanda nambala. Kenako ndinaika `COUNT` kuti iziwerenga maphunziro amene mwana walemba isanamupatse nambala. Ndinatsekanso timabokosi ndi `Data Validation` kuti tizilandira 0 mpaka 100 basi. Komabe ena ankakopera malikisi kuchokera ku fayilo ina n'kumata, ndipo ukamata chotchingacho sichigwira. Ndiye ndinawonjezera tsamba lina losonyeza dzina la mwana aliyense amene malikisi ake akukayikitsa, kuti fomu ticha aone tisanasindikize.

Nambewe: Werenganinso zimene mwalembazi, aphunzitsi, muone zimene ine ndikuona ndikakhala pa panelo.

Simunathamangire kusintha fomyula. Munazindikira kuti funso lakuti mwana wosalemba timutani si la kompyuta, ndi lamulo la sukulu, ndipo munalipititsa kwa eni ake. Divelopa wongoyamba amalakwa kwambiri pamenepa. Amagamula yekha zinthu zimene mwini ntchito sanamuuze, kenako patapita miyezi kasitomala n'kupeza kuti pulogalamu ikutsata lamulo limene iye sanaikepo. Munthu amene amadziwa kuima n'kufunsa timamufuna kwambiri, ndipo n'kovuta kumuzindikira pa mayeso a khodi.

Chinanso, mutatseka khomo limodzi munapita kukaona ngati anthu akulowera pena, n'kupeza kuti kumata kukudutsa chotchinga chanu. Simunakalipire anzanu kuti asiye kumata, munavomereza kuti adzamatabe, n'kuika poti zolakwika zizionekera. Amenewo ndi maganizo a munthu wolemba mapulogalamu a anthu, osati a mayeso.

Ndiye funso lija likadzabweranso, musadzatchule khalidwe lanu ngakhale limodzi. Mudzanene nkhaniyi, m'Chingerezi chanu chomwecho, motere: pasukulu pathu malipoti a ana 180 ankatuluka titatsekera, ndinapanga chida chowonkhetsa malikisi, teremu yoyamba chinaika mwana wodwala pa nambala 1 chifukwa cha chakuti, ndinachita chakuti ndi chakuti, kuyambira pamenepo malipoti amatuluka tsiku lotsekera. Mphindi ziwiri zikwana. Mukamaliza khalani chete, muwasiye akufunseni. Kuleza mtima ndi kulankhula bwino adzaziona okha m'nkhanimo.

Chisale wa Masamu: Koma mayi, kuyamba ndi kunena kuti pulogalamu yanga inalakwitsa, si kudzichotsera ndekha malikisi?

Nambewe: Ayi. Pulogalamu imene sinalakwitsepo ndi imene sinagwiritsidwepo ntchito, ndipo aliyense pa panelo amadziwa zimenezi. Chimene chimatiopsa ndi munthu amene sadziwa pamene yake inalakwitsa, kapena amene amaloza ena chala. Samalani pamenepa: musadzanene kuti aphunzitsi anzanga sadziwa kompyuta. Nenani kuti sindinawauze chochita mwana akajomba, ndiye aliyense anachita zake. Zonse ziwiri n'zoona, koma yachiwiriyo ikusonyeza munthu amene tingamutume kwa kasitomala.

Ndipo muzinena kuti "ndinachita", osati "tinachita". Ndikudziwa kuti kwathu kuno timaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzikweza, ndipo aphunzitsi ndiye mumanyanya kunena kuti ife. Koma pa panelo ndikamva "tinapanga" sindidziwa ngati munalemba fomyula ndinu kapena munangokhala nawo m'chipindamo. Pamene munagwirizana ndi anzanu nenani kuti tinagwirizana. Pamene munagwira nokha nenani kuti ndinagwira.

Gift wa ku Joni: Apa ndiye mukugwirizana nane, asisi. Zimene wachita mkuluyu ndi ntchito ya wosanthula deta. Bwanji osangolemba choncho?

Nambewe: Ndikugwirizana nanu theka, achimwene. N'zoona kuti CV imene ikuyamba ndi mndandanda wa makalasi amene munthu anaphunzitsa siwerengedwa mpaka pansi. Pamwamba payenera kukhala zimene wapanga: chida cha malipoti, zilankhulo za khodi zimene anagwiritsa ntchito, ndi pamene tingakachione. Uphunzitsi ubwere pambuyo pake, ndipo pansi pake alembe mizere iwiri kapena itatu yokhudza ntchito imene akufunayi, osati kuti ankayang'anira masewero. Pamenepo sitikutsutsana.

Koma dzina la udindo asalisinthe. Lilongwe ndi mudzi. Tikaimbira foni ahedi ake kufunsa za wosanthula deta wawo, iwo n'kuyankha kuti kuno tili ndi mphunzitsi wa masamu, nkhani yathera pomwepo, ndipo ngakhale zoona zimene ananena zija tiyamba kuzikayikira. Komanso akadzitcha dzina limenelo tidzamufunsa mafunso a munthu amene wagwira ntchito imeneyo zaka 9. Akadzitcha mphunzitsi amene anapanga chida, chida chomwecho chimaoneka chachikulu.

Gift wa ku Joni: Mwina kumudziko. Kuno CV imayamba yasefedwa ndi makina munthu asanaione, ndipo ikasowa mawu amene akufuna imatayidwa. Ine sindikusintha maganizo pamenepa.

Wezi: Mawu amene makina akufunawo akhoza kulowa m'mizere yofotokoza ntchito, a Gift, osakhudza dzina la udindo. Python, SQL, Excel, zonse zilembedwe pamenepo.

Koma ine ndili ndi nkhawa ina. A Nambewe, mukuwalimbitsa mtima aphunzitsiwa ndi nkhani, pamene nkhani payokha silemba munthu ntchito. Akangonena za chida chimenechi, wina pa panelo adzati tiwonetseni. Aphunzitsi, khodi ya mapointi ija ili pati, ndipo ili ndi zoyesera?

Chisale wa Masamu: Ili pa laputopu yanga ndi pa fulashi. Zoyesera ndilibe, ndinkangoyerekeza ndi kalikuleta. Kagawo ka mapointi ndi aka. Pasukulu pathu pa moko timatenga giredi ya Chingerezi n'kuphatikiza ndi maphunziro ena asanu amene mwana wakhoza bwino. Paja magiredi a MSCE amayambira 1 kufika 9, ndipo wochepa ndiye wabwino.

```python
def mapointi(chingerezi, ena):
    olemba = sorted(g for g in ena if g is not None)
    if chingerezi is None or len(olemba) < 5:
        return None
    return chingerezi + sum(olemba[:5])
```

Wezi: Ndi yoyera bwino, ndipo phunziro la mnyamata wodwala uja likuoneka pa `None` pamenepo. Tsopano kuyerekeza ndi kalikuleta kuja kulembeni ngati khodi. Tengani mwana amene wapeza 6 m'Chingerezi, ndipo ena onse ndi 2, 3, 3, 4, 2, 4, 5. Asanu abwino ndi 2, 2, 3, 3, 4, pamodzi 14, kuphatikiza 6 ija ndi 20. Munthu amene waiwala lamulo la Chingerezi n'kungotenga 6 abwino apeza 18. Mwana ameneyu ndi wabwino kuyesera chifukwa mayankho awiriwa akusiyana. Mukanatenga mwana amene Chingerezi anapeza 1, khodi yolondola ndi yolakwika zikanapereka yankho limodzi, osaphunzirapo kanthu.

```python
assert mapointi(6, [2, 3, 3, 4, 2, 4, 5]) == 20
assert mapointi(6, [2, 3, None, None, 4]) is None
assert mapointi(None, [1, 1, 1, 1, 1]) is None
```

Chisale wa Masamu: Zimenezi ndi zomwe timachita pokonza mayeso. Funso labwino ndi limene mwana amene sanamvetse sangalikhoze mwangozi. Ngati ndikufuna kuona ngati akusiyanitsa kuchulukitsa ndi kuphatikiza sindingamupatse 2 ndi 2, chifukwa njira zonse zimufikitsa pa 4.

Nambewe: Chiganizo chimenecho chisungeni, ndipo mudzachinene pa intavyu pamene akufunsani za kuyesa khodi. Umu ndi mmene uphunzitsi umalowera: osati ngati mutu pawokha, koma pakati pa yankho la funso la ntchito yawo. Akakufunsani mmene mumapezera cholakwika m'pulogalamu, mukhoza kunena mmene mumachongera: simungoona kuti yankho la mwana ndi lolakwika, mumatsata mzere ndi mzere mpaka pamene anapatukira, ndipo ana khumi akapatukira pamalo amodzi mumakayikira funso kapena kaphunzitsidwe kanu. Koma kamodzi kapena kawiri basi pa intavyu yonse. Mukamayankha funso lililonse ndi "m'kalasi mwanga", ayamba kuona munthu amene mtima wake udakali kusukulu.

Mayi a Tadala: Pepani ndilowerere. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Zomba, Sitandade 2, zaka 14. Ndilibe fayilo ya Excel ngati a Chisale, kalasi yanga malikisi timalemba m'kaundula. Ndangoyamba HTML ndi CSS pa freeCodeCamp ndi foni komanso laputopu yobwereka. Chokhacho chimene ndingatchule n'chakuti sukulu yathu inalandira matabuleti a ana, ndipo ndine amene ndimayang'anira kutchaja, kugawa, ndi kulemba akawonongeka. Ndiye kuti ine ndilibe nkhani? Ndili ndi zaka 38, ndipo ndikaona ana a ku MUBAS ndi MUST ndimangoti mwina ndachedwa.

Nambewe: Mayi, nkhani muli nayo, koma ndi ya khomo lina. Ndinene zoona: ndi HTML ndi CSS zokha, ntchito ya divelopa simunaifikire, ndipo matabuleti sangatseke mpata umenewo. Koma m'mabungwe amene amapanga kapena kugawa mapulogalamu a sukulu ndi a zipatala muli ntchito zina: wophunzitsa anthu kugwiritsa ntchito pulogalamu, wothandiza akakumana ndi vuto, woyesa ngati a Wezi. Dziko lino deta ya zaumoyo imayenda pa DHIS2, ndipo chida chotere chimafuna anthu okaphunzitsa ena m'maboma, osati olemba khodi okha. Kumeneko zaka 14 zoimirira kutsogolo kwa anthu ndi chuma chenicheni.

Tandiuzani, tabuleti ikavuta mumalemba chiyani?

Mayi a Tadala: Poyamba ndinkangolemba kuti yawonongeka. Amisiri akabwera ankaipeza ikugwira, n'kubwerera. Ndiye ndinayamba kulemba nambala ya tabuleti, phunziro limene mwana anali, chimene anadina, chimene chinaoneka, ndiponso ngati batire inali yodzaza. Ndinapeza kuti zina zimazima batire ikatsika kwambiri ngakhale ikusonyeza kuti ilipo.

Wezi: Mayi, limenelo ndi lipoti la cholakwika, ndipo mwalilemba bwino kuposa ambiri amene ndimagwira nawo ntchito. Chimene wina anachita, chimene chinaoneka, ndi mmene zinthu zinalili kuti wina akachibwereze. Jambulani tsamba limodzi la kabuku kanuko, mubise mayina a ana, mudzapite nalo ku intavyu. Ine ndinalowera khomo loyesa lomweli, ndipo khodi ndinaiphunzira ndili kale m'kati.

Gift wa ku Joni: Koma muwauzenso za ndalama. Munthu wa zaka 14 m'boma ali ndi penshoni imene akuisiya, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwezi ndi za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Pulojekiti ikatha, mwakhala. Ine sindingalangize mayi wa ana kusiya ntchito asanagwire kalata ina m'manja.

Nambewe: Apa ndiye mwanena zoona zokhazokha, achimwene.

Mayi a Tadala: Ndamva. Sindisiya msanga. Koma za msinkhu simunandiyankhe.

Nambewe: Sindingakunamizeni kuti palibe amene amayang'ana msinkhu. Alipo, ngakhale sanena. Nkhawa yawo yeniyeni imakhala iyi: kodi munthu amene wakhala akulamula kalasi zaka zonsezi adzalola kuti mwana wa zaka 25 amubwezere ntchito yake kuti akonzenso? Pantchito yathu khodi iliyonse imawerengedwa ndi mnzako isanalowe, ndipo ndemanga zimabwera zambiri, zina zowawa. Mphunzitsi anazolowera kukhala wochonga, osati wochongedwa. Funso limeneli liyankheni asanalifunse. A Chisale, inunso ili ndi lanu. Khalani ndi chitsanzo chimodzi cha pamene wamng'ono kwa inu anakukonzani inu n'kusintha.

Chisale wa Masamu: Ndiye chitsanzo changa chikhala a Wezi ndi zoyesera zawozi. Pali funso linanso limene linandivuta: chifukwa chiyani mukusiya uphunzitsi? Zoona zake malipiro ali m'gulu la zifukwa. Ndinene?

Gift wa ku Joni: Nenani. Aliyense amagwira ntchito chifukwa cha ndalama, iwonso akudziwa.

Nambewe: Ine ndingati musayambe nazo, ndipo musanyoze uphunzitsi kapena boma. Osati chifukwa choti ndi bodza, koma chifukwa yankho la malipiro limandiuza chimene mukuthawa, osandiuza chifukwa chake mwasankha ntchito ino osati kukagulitsa feteleza. Inu muli ndi yankho lokonzeka kale: munapanga chida cha malipoti popanda wokutumani, n'kuchilembanso mu Python pamene Excel inkagwira kale ntchito, ndipo mwakhala zaka ziwiri mukuphunzira usiku. Nenani kuti mwapeza kuti iyi ndi ntchito imene mumaichita ngakhale palibe wokulipirani, ndipo mukufuna kuichita tsiku lonse pakati pa anthu okuposani. Akakufunsani mwachindunji za ndalama, vomerani mwachidule kuti nazonso zilipo.

Wezi: Ine apa ndili pakati. Ndinaonapo munthu akuyankha mokoma chonchi panelo n'kuona ngati waloweza. Mwina kunena ndalama poyera kumamveka kwachilungamo. Zimatengera amene wakhala kutsogolo kwanu.

Ahedi Opuma: Ndalankhula kale kuti ndikhala chete, koma pali chimodzi. Mukuti mwanayu aonetse pulogalamu yake kwa anthu akunja. M'menemo muli mayina ndi malikisi a ana a eni ake. Zimenezo si zake.

Nambewe: Zikomo bambo, mwatikumbutsa chinthu chachikulu. Aphunzitsi, musanaike kalikonse pa GitHub, chotsani fayilo iliyonse ya ana enieni n'kupanga ina ya mayina opeka, ana 20 akwana, koma mukhale wina wojomba, awiri ofanana malikisi, ndi wina amene sanalembe Chingerezi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, komanso ngakhale pakanapanda lamulo, panelo ikaona mayina enieni a ana pa intaneti idzaganiza za deta ya makasitomala ake. Dziwaninso kuti Git siiwala: mukaika fayilo kamodzi kenako n'kuifufuta, imatsalabe m'mbiri. Ndiye yambani ndi foda yatsopano, ndipo dzina la foda ya deta yeniyeni mulilembe mu `.gitignore` musanapange `commit` yoyamba. Ahedi anu muwauzenso, popeza chidacho chinapangidwira sukulu yawo.

Chisale wa Masamu: Git ndimangoidziwa pang'ono, `add`, `commit`, `push`, ndekhandekha. Sindinagwirepo ndi munthu wina pa khodi imodzi. Akandifunsa ndivomere?

Nambewe: Vomerani, chifukwa pamenepa uphunzitsi sukupatsani kanthu, ndipo mukayesa kukokera adzakugwirani ndi funso limodzi. Simunawerengepo khodi yaikulu yolembedwa ndi ena, simunagwirepo pa nthambi imodzi ndi anzanu, simunaonepo zosintha zanu zikuwombana ndi za wina. Nenani choncho, kenako nenani chimene mukuchitapo. Ndipo chochitapo chikhalepo. A Wezi, simungawatsegulire `pull request` pa chida chawochi, pempho loti aone zosintha zanu n'kuzilowetsa mu khodi yawo, iwonso adzakutsegulireni ina, kuti akadzafunsidwa adzakhale ndi choloza?

Wezi: Ndingathe. Aphunzitsi, mukaika mundiuze. Ndiyamba ndi ana ofanana malikisi, chifukwa simunatiuze kuti awiri akakhala pa nambala 2 wotsatira amakhala 3 kapena 4. `RANK.EQ` ya Excel imadumpha n'kupereka 4. Mu Python munatsata chiyani?

Chisale wa Masamu: Mu Python ndinangowasanja n'kuwapatsa 2 ndi 3 motsatana. Ndiye kuti mafayilo anga awiri sakugwirizana, ndipo sindikumbuka kuti pasukulu tinagwirizanapo za zimenezi. Lolemba ndikawafunsa ahedi, khodi ndiika ndikamva yankho lawo.

Gift wa ku Joni: Nanga za digiri bwanji? Zotsatsa ntchito zambiri kumudziko zimati digiri ya kompyuta. Dipuloma ya Domasi idutsa pa sefa imeneyo?

Nambewe: M'mabanki, m'boma ndi m'mabungwe akuluakulu nthawi zambiri sidutsa, chifukwa amene amasefa si amene adzagwire nawo ntchito, amangoyang'ana pepala. M'makampani ang'onoang'ono timayang'ana chimene munthu wapanga. Ngati n'koyenera kulipira sukulu ya kumapeto kwa sabata kuti apeze pepalalo, ine ndi mnzanga wa kuntchito timatsutsana mpaka lero. Iye amati popanda digiri udzakakamira pansi ukafuna kukwera, ine ndimati ayambe walowa kaye.

Mayi a Tadala: A Wezi, kabuku kaja ndajambula masamba awiri. Ndikutumizireni kumbali muone ngati ndabisa zonse zofunika kubisa?

Wezi: Tumizani mayi. Muonenso pachikuto, nthawi zambiri dzina la sukulu ndi chidindo zimatsalira pamenepo.